Kugulitsa Sienta kwa alamu molipira pang'onopang'ono: kodi kusunga bulubuku n'kokwanira?

"Ndimakhala ku Katoto. Ndikugulitsa Sienta yanga kwa alamu anga, amene akufuna kumanyamula anthu pakati pa Mzuzu ndi Ekwendeni. Pa kashi ndimafuna K12,000,000, koma poti azilipira pang'onopang'ono tagwirizana K14,000,000. Apereka K5,000,000 poyamba, kenako K750,000 mwezi ndi mwezi kwa miyezi 12. Talemba kuti galimoto ndi yanga mpaka atamaliza, bulubuku ndisunga ine, ndipo akaphonya miyezi iwiri ndidzatenga galimoto osabweza kalikonse. Sitinasaine. Yankho lanu tiwerengera limodzi, choncho mutiunikire tonse awiri."

Bambo, musasaine kaye. Pepala lanulo lili ndi mfundo imodzi yabwino, yoti umwini ukhale kwa inu mpaka tambala yomaliza, ndipo malamulo athu amaloleza zimenezi. Koma mwaiika pa mwala woterera, chifukwa mukudalira bulubuku kuti ikugwirireni ntchito imene siingathe. Ndipo mfundo yolanda galimoto osabweza ndalama, imene mukuiona ngati chishango chanu, ndiyo ingadzakugwetseni pa bwalo la milandu. Ndiyamba ndi inu, kenako ndicheukira kwa alamu anu, ngakhale m'malo ambiri muona kuti chimene chikuteteza mmodzi chikutetezanso winayo.

Pa malonda a mtundu uwu pali zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza ngati chinthu chimodzi: mwini galimoto ndani, galimoto ili m'manja mwa ndani, ndiponso ikawonongeka kapena kubedwa atayikiridwe ndani. Mukagulitsa pa kashi zonse zitatu zimasamuka tsiku limodzi, n'chifukwa chake palibe amaziganizira. Apa mukuzilekanitsa. Makiyi apita kwa alamu lero, umwini udzapita chaka chamawa, ndipo za chachitatucho pepala lanu langokhala chete.

Pepala likakhala chete, lamulo limalankhula lokha. Lamulo lathu la kagulitsidwe ka katundu limati, pokhapokha ogulitsana atagwirizana mwina, ngozi ya katundu imatsata umwini. Taganizirani zimenezi bwinobwino. Inu mwalemba kuti galimoto ndi yanu kwa miyezi 12. Ndiye ngati mwezi wachinayi yabedwa usiku pa khomo la alamu ku Chibavi, popanda kulakwa kwawo, kapena yagundidwa ndi thiraki itaima bwinobwino pambali pa msewu, iwo akhoza kunena kuti yatayika ndi galimoto yanu, sangapitirize kulipira chinthu chimene kulibe, mwinanso n'kufuna kuti muwabwezere zimene anapereka. Mfundo yoteroyo si yachabechabe ayi. Choncho chiganizo choyamba chowonjezera ndi ichi, m'mawu osazungulira: kuyambira tsiku ndi ola limene wogula walandira makiyi, kuwonongeka, kubedwa kapena kupsa kwa galimoto kuli pa wogula, ndipo ngongole idzalipidwabe yonse.

Alamu akawerenga chiganizo chimenechi adzuma, ndipo n'zomveka. Munthu sangavomere kusenza ngozi ya K14,000,000 chimanjamanja. Apa mpamene inshulansi ikulowa, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ndaona mabanja ambiri akudana.

Inshulansi imene lamulo la pamsewu limakakamiza, ija timati thedipate, imalipira anthu ena amene galimoto yawapweteka. Galimoto yanuyo siilipira ngakhale galasi limodzi. Imene mukufunika ndi kompulihensivu, imene imalipiranso galimoto yanu yomwe ikawonongeka kapena kubedwa, ndipo isakhale ya galimoto yoyendera pakhomo. Polise, kutanthauza mgwirizano wa inshulansi, ikakhala ya galimoto yapakhomo imakana poyera kunyamula anthu olipira. Galimoto ikadzachita ngozi ili ndi anthu asanu ndi awiri ochokera ku Ekwendeni, wofufuza wa kampani sadzavutika n'komwe: lipoti la apolisi lidzanena okwera, okwerawo adzanena kuti analipira, basi kampani yasamba m'manja pa za kukonza galimotoyo. Ndiye musanapereke makiyi, galimoto ikhale ndi chilolezo chonyamula anthu, nambala zofiira zija, chiphaso chosonyeza kuti ili bwino kuyenda pamsewu, ndi inshulansi yogwirizana ndi ntchito imeneyo. Dalaivala nayenso akhale ndi laisensi yomuloleza kunyamula anthu. Ndi zodula, inde. Koma ngati phindu la Sienta silingakwanitse zimenezi, ndiye kuti malonda onsewa sakukwanitsika, ndipo ndi bwino mudziwe lero.

Polise yanu yakale musaidalire. Pitani nonse awiri ku kampani ya inshulansi, muwauze zoona za mgwirizano wanu, ndipo mupemphe kuti pa polise yatsopano alembepo kuti inu muli ndi gawo m'galimotoyo, kotero kuti ikatheratu kuwonongeka ayambe alipira inu zotsala, zapamwamba zipite kwa alamu. Mabanki akamakongoza ndalama zogulira galimoto amachita chimodzimodzi, choncho a inshulansi sadzadabwa. Tiyeni tiwerengere. Pofika mwezi wachinayi alamu adzakhala atapereka K5,000,000 ndi K3,000,000, zonse pamodzi K8,000,000, zotsala K6,000,000. Tinene kuti galimoto yatheratu ndipo kampani, itachotsa gawo limene mwini polise amadzilipirira yekha, yapereka K11,000,000. Inu mulandira K6,000,000, alamu K5,000,000, aliyense wapukuta misozi. Pa thedipate yokha, alamu atsala ndi zitsulo zogulitsa pa sikelo ndi ngongole ya K6,000,000 yopanda galimoto yoibwezera, ndipo inu mudzakhala mukulonjerera ngongole kwa mchimwene wa akazi anu amene alibe ndi khobidi lomwe. Lembaninso kuti risiti ya inshulansi muziiona ndi maso. Anthu ambiri amagula ya miyezi itatu kuti galimoto ituluke, ikatha amangokhala phee.

Tsopano za bulubuku. Bulubuku ndi chikalata chosonyeza amene galimoto inalembetsedwa m'dzina lake ku nthambi yoona za pamsewu. Ndi umboni wamphamvu ndithu, ndipo kuisunga kumathandiza chifukwa munthu wochenjera sagula galimoto yopanda bulubuku. Koma si anthu onse ochenjera, ndipo si onse ofuna kuchenjera. Sienta ikhoza kuphwasulidwa mkati mwa masiku awiri, injini n'kupita kwina, giyabokosi kwina, popanda wofunsa chikalata. Ikhoza kuperekedwa chikole kwa wakatapila amene angotenga makiyi. Ikhozanso kugulitsidwa kwa munthu wa ku Karonga amene wauzidwa kuti bulubuku ili ku Lilongwe, ibwera sabata yamawa. Sindikunena kuti alamu anu ndi otero. Ndikunena kuti pepala limalembedwa poganizira tsiku limene munthu wabwino wapanikizika, mwana ali kuchipatala ndipo fizi ikudikira.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti lamulo lomwe lija la kagulitsidwe ka katundu limateteza munthu wachitatu. Ngati wina wagwirizana kugula katundu, n'kumulandira m'manja mwake ndi chilolezo cha wogulitsa, kenako n'kumugulitsa kwa munthu amene wagula ndi mtima woona osadziwa kuti woyamba uja ali nayebe ufulu, wogula watsopanoyo akhoza kukhala mwini weniweni. Mukatero mwatsala ndi mlandu wotsata alamu basi, galimoto yapita. Kusowa kwa bulubuku kungakuthandizeni kutsutsa kuti munthuyo anayenera kukayikira, koma umenewo ndi mkangano wa pa khoti, wa miyezi yambiri, ndipo mathero ake sadziwika.

Pali njira ziwiri zotsekera mpata umenewu, ndipo ndikulangiza kuti muchite zonse. Yoyamba ili ku nthambi ya zapamsewu. Lamulo la pamsewu la 1997 limasiyanitsa anthu awiri pa galimoto imodzi, ndipo mu kompyuta ya nthambiyo, yotchedwa MalTIS, amalembedwa padera: `owner`, amene akugwiritsa ntchito galimoto, ndi `title holder`, amene ayenera kuvomereza galimoto isanasinthe manja. Banki ikakongoza munthu galimoto, bankiyo imakhala pa malo achiwiriwo, wokongolayo pa malo oyamba. Mupite nonse ku ofesi yawo kuno ku Mzuzu, ndi makadi anu a kaundula wa zapamsewu, mupemphe kuti alamu alembedwe pa malo oyamba, inu pa achiwiri. Zimenezi zikuposa kusiya zonse m'dzina lanu. Galimoto ikagunda munthu pa Luwinga, maloya a wovulalayo amasumira dalaivala, mwini wolembedwa ndi kampani ya inshulansi pamodzi. Inshulansi ili ndi malire a ndalama zimene imalipira, ndipo zopitirira malirewo zimafunidwa kwa otsalawo. Mukhoza kudzapulumuka posonyeza kuti dalaivala sanali wantchito wanu, koma mudzakhala mutalipira loya ndi kutaya tulo chifukwa cha galimoto imene simunaikwere miyezi isanu ndi umodzi.

Njira yachiwiri ndi imene anthu wamba amaiphonya pafupifupi onse. Mu 2013 dziko lino linakhazikitsa lamulo la zikole za katundu wosunthika, ndipo pansi pake panatsegulidwa kaundula wa pa intaneti woyang'aniridwa ndi ofesi ya Rejisitala Jenerale. Lamulo limeneli silisamala dzina limene mwapatsa pepala lanu. Limayang'ana chimene pepalalo likuchita. Ngati mwasunga umwini pofuna kutsimikiza kuti mulipidwa, lamulo likuona umwini wanuwo ngati chikole, chimodzimodzi ndi cha banki. Tanthauzo lake n'lakuti ufulu wanu umalimba pamaso pa anthu ena mukaulembetsa m'kaundulamo. Mukapanda kulembetsa, ndipo alamu n'kukakongola ku bungwe lobwereketsa ndalama limene lalembetsa chikole chake pa katundu wawo, mukhoza kupezeka muli pambuyo pa mzere pa galimoto imene mumati ndi yanu. Lembetsani musanapereke makiyi, kapena tsiku lomwelo. Dzina la alamu lilembedwe ndendende monga lilili pa chiphaso chawo cha unzika, ndipo nambala ya chasesi muikopere pa galimoto penipeni, chilembo ndi chilembo, chifukwa wofufuza akalemba nambala yolondola n'kusapeza kanthu kaamba ka kulakwitsa kwanu, vuto ndi lanu. Loya aliyense wa kuno akhoza kukuchitirani.

Alamu, kaundula yemweyo ndi wanunso. Musanapereke K5,000,000, fufuzanimo ngati galimotoyi siinaperekedwe kale chikole kwina. Yerekezani nambala ya chasesi ndi ya injini ndi zimene zili m'bulubuku. Poti magalimoto ambiri a kuno amalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, onaninso mapepala a msonkho wolowetsera, makamaka ngati inalowa mwa chilolezo chosalipira msonkho, pakuti yoteroyo siigulitsidwa mwachisawawa. Musachite manyazi kufunsa zimenezi kwa mlamu. Galimoto mwina inadutsa m'manja awiri isanafike kwa iwo, ndipo vuto limene iwo sakulidziwa lidzaphulikira inu.

Chiopsezo chanu chachikulu, alamu, si kubedwa kwa galimoto. Ndi chakuti kwa chaka chathunthu mukhala mukulipira chinthu chimene pa pepala ndi cha munthu wina. Bambowa akakhala ndi ngongole ina imene yafika ku khoti, asherifu akhoza kubwera kudzagwira galimoto yolembedwa m'dzina lawo, inu mutalipira kale miyezi khumi. Akapanikizika, bulubuku imene akusungayo ikhoza kupita kwa wakatapila. Ndipo, Mulungu atalikitse, akamwalira, mudzakumana ndi abale amene za mgwirizanowu amangomva mphekesera. Pa zonsezi mankhwala ake ndi omwe aja: dzina lanu lioneke ku nthambi ya zapamsewu, pepala linene kuti wogulitsa sadzagulitsa kapena kupereka chikole galimotoyi kapena bulubuku yake, linenenso kuti mgwirizano ukumanga olowa m'malo a mbali zonse ziwiri. Bulubuku ikhoza kusungidwa kwa loya, ndi lamulo lolembedwa loti adzaipereke kwa inu akaona umboni wa malipiro omaliza. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kuisiya m'sutukesi ya wogulitsa, ngakhale ena amaiona ngati kusakhulupirirana.

Tifike tsono pa mfundo yolanda ija. Ndiiyesa ndi manambala anu omwe, chifukwa manambala sakondera.

Tinene kuti alamu alipira bwino miyezi isanu ndi iwiri, kenako mafuta asowa pa mafilingi siteshoni monga zimachitikira kuno, galimoto yagona pa mzere masabata angapo, ndipo aphonya mwezi wachisanu ndi chitatu ndi wachisanu ndi chinayi. Apereka K5,000,000 ndi K5,250,000, zonse K10,250,000. Zotsala ndi K3,750,000. Malinga ndi pepala lanu, Bambo, mutenga galimoto imene pa msika ingagulidwe, tinene, K11,000,000, n'kusunganso K10,250,000. M'manja mwanu muli K21,250,000 pa galimoto ya K14,000,000. Alamu atsala opanda galimoto, opanda ndalama. Makhoti athu, potsata malamulo amene tinatengera kwa Angerezi, amasiyanitsa chipukutamisozi cholingana ndi zimene munthu wataya ndi chilango chongoopsezera, ndipo chilango sachilimbikitsa. Lamulo la 2013 lija nalonso limayendera mfundo yoti wogwira chikole amatenga zimene akuyenera kulandira, zotsala n'kubweza. Choncho mfundo yanuyo ikupatsa alamu chifukwa chabwino chokakutsekerezani ku khoti, galimoto n'kumaola pa bwalo mlandu uli mkati.

M'malo mwake lembani kuwerengerana. Galimoto ikabwezedwa idzagulitsidwa pa mtengo wa pamsika, wotsimikizidwa ndi makaniko kapena woyesa mitengo amene nonse mwamuvomereza, ndipo pa ndalamazo wogulitsa adzachotsa ngongole yotsala ndi zimene wawononga pokatenga, kusunga ndi kugulitsa galimoto, zokhala ndi malisiti. Pa chitsanzo chathu chija, galimoto yagulidwa K11,000,000, zowonongedwa ndi K400,000. Inu mutenga K3,750,000 ndi K400,000, zonse K4,150,000. Alamu alandira K6,850,000. Mwapeza K14,000,000 yanu yonse, osaperewera tambala, ndipo iwo ataya K3,400,000, imene ili mtengo wa kutha kwa galimoto ndi miyezi imene anaigwiritsa ntchito.

Musaganize kuti kuwerengeranaku kukukomera wogula yekha. Tembenuzani nkhani. Alamu alipira miyezi iwiri yokha, K6,500,000 pamodzi, zotsala K7,500,000. Dalaivala wawo wakhala akupakira anthu ndi matumba a mbatata mpaka ku buti, giyabokosi yafa, mashokabu atha, ndipo galimoto yagulidwa K7,000,000 yokha. Mukachotsa K400,000 zija, mwapeza K6,600,000, kuperewera K900,000. Pepala lanu lakale likanatha kutanthauziridwa kuti mukatenga galimoto nkhani yatha. Latsopanoli linene kuti zoperewera zimakhalabe ngongole ya wogula. Pa Sienta yonyamula anthu tsiku ndi tsiku, nkhani yachiwiriyi si yachilendo, pakuti galimoto ya matola imakalamba msanga kuposa mmene ngongole imatsikira, makamaka m'miyezi yoyambirira. N'chifukwa chake K5,000,000 yoyambayo musaitsitse ngakhale akudandaulireni bwanji. Ndiyo mpanda wanu weniweni.

Kalandidwe kake nakonso kalembedwe. Mawu oti "akaphonya miyezi iwiri" ndi otakasuka kwambiri. Kodi atapereka K500,000 m'malo mwa K750,000 waphonya? Nanga akachedwa masiku anayi? Tchulani tsiku lolipira, mwachitsanzo pa 5 mwezi uliwonse, ndi masiku asanu ndi awiri a chisomo. Akadutsa pamenepo wogulitsa alembe kalata yotchula ndalama zimene zatsalira ndi kupereka masiku 14 kapena 21 okonzera. Akalephera, wogula abweretse yekha galimoto pa malo otchulidwa, ndipo akhalebe ndi mwayi woiwombola polipira zonse isanagulitsidwe. Akakana kubweretsa, njira ndi ya ku khoti, ndipo bwalo lalikulu tili nalo konkuno ku Mzuzu. Musatume anyamata a pa depoti kukatsitsa dalaivala ndi okwera pamsewu, musathyole geti ya munthu usiku ndi kiyi wa sipeya. Mukatero mlandu wa ngongole usanduka mlandu wa upandu, woimbidwa ndinu. Ndipo musathamangire ku polisi kukanena kuti galimoto yabedwa, pomwe munaipereka nokha. Kulephera kulipira si kuba. Zimasintha pokhapokha wogula atagulitsa kapena kubisa galimoto mwachinyengo.

Chenjezo lina laling'ono, Bambo, limene limagwira anthu a mtima wabwino. Mukazolowera kulandira ndalama mochedwa mwezi ndi mwezi osanena kanthu, tsiku lina mukadzafuna kulimbitsa, mudzauzidwa kuti munavomera kale kachitidwe katsopano. Lembani kuti kulekerera kamodzi sikuchotsa ufulu wanu, ndipo mukalekerera, tumizani uthenga wolembedwa wonena kuti mwalola mwezi uno wokha.

Za mtengo ndinena mwachidule. K2,000,000 yapamwambayo ndi chiwongoladzanja, ngakhale simunaitchule motero. Alamu akukongola K7,000,000, ndiye kuti K12,000,000 kuchotsa K5,000,000, n'kubweza K9,000,000. Ena anganene kuti ndi 29 pa 100 alionse, koma poti ngongole ikutsika mwezi ndi mwezi, kuwerengera koona kukufika pafupifupi 4 pa 100 pa mwezi, kuyandikira 50 pa 100 pa chaka. Alamu ayenera kudziwa zimenezi asanasaine. Kumbali yanu, Bambo, simukuba ayi. Amene anagulitsa galimoto pa ngongole kwacha isanagwe ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 anamaliza kulandira ndalama zimene sizikanagulanso galimoto ngati yomweyo. Chilungamo chili pa kulemba mitengo yonse iwiri poyera, ndi kugwirizana kuti alamu akamaliza msanga, mwachitsanzo pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, gawo la K2,000,000 lija lichotsedwe. Alamu nawo akhale pansi ndi cholembera: K750,000 pa masiku 26 ogwira ntchito ndi pafupifupi K29,000 tsiku lililonse, yotsala pambuyo pa mafuta, dalaivala, sevesi, matayala ndi inshulansi. Ngati galimoto ingabweretse zimenezo pa tsiku labwino lokha, onjezani miyezi, muchepetse za pamwezi.

Ndalama zizidutsa ku banki kapena pa foni, ku nambala imodzi yolembedwa m'pepala. Pakati pa achibale mkangano sukhala pa ndalama zazikulu. Umakhala pa K200,000 imene inaperekedwa kwa mayi a kunyumba pa maliro ku Rumphi, wina nati inali ya galimoto, wina nati inali chipepeso. Lembani kuti ndalama iliyonse yoperekedwa mwa njira ina siwerengedwa pokhapokha pali risiti yosainidwa.

Tsiku lopereka makiyi itanani makaniko amene si mnzake wa mmodzi wa inu. Alembe makilomita, mmene injini ndi giyabokosi zilili, matayala, batire, ndi zilema zonse zodziwika, mujambule zithunzi, nonse musaine. Bambo, ngati mukudziwa kuti imadya oilo kapena inagundidwapo kutsogolo, nenani ndipo zilembedwe. Chilema chobisidwa ndicho chifukwa choyamba chimene wogula amapereka akasiya kulipira. Gwirizananinso za sevesi pa makilomita otchulidwa, kuti wogulitsa akhoza kuiona galimoto kamodzi pa mwezi, kuti siidzatuluka m'dziko popanda chilolezo cholembedwa, ndiponso misewu imene iziyenda. Galimoto ya Mzuzu ndi Ekwendeni ikayamba kutsika ndi kukwera mapiri a Chiweta tsiku ndi tsiku, mabuleki ndi giyabokosi sizikhalanso zomwe munawerengera. Kachipangizo kolondolera galimoto mukhoza kuikamo, koma alamu adziwe ndipo avomere m'pepala.

Pomaliza kulipira napo pamafuna mawu ake, chifukwa ogulitsa ena akalandira ndalama yomaliza foni imasiya kugwira. Lembani kuti umwini usamuka wokha ndalama yomaliza ikangolowa, ndipo mkati mwa masiku asanu ndi awiri wogulitsa adzapereka bulubuku ndi kiyi wa sipeya, adzapita yekha ku nthambi ya zapamsewu kukachotsa dzina lake, pakuti kumeneko amafuna mwiniwake ndi zala zake, ndipo adzafufuta chikole chija m'kaundula. Alamu akhoza kupempha kuti K750,000 yomalizayo iperekedwe tsiku lomwelo nonse muli pa ofesiyo.

Pepala lokonzedwali musaine tsamba lililonse, pamaso pa mboni ziwiri zachikulire, imodzi ya mbali iliyonse, ndipo ndingakonde kuti mayi a kunyumba asakhale mboni, popeza mbali ina ndi mwamuna wawo, mbali ina ndi mchimwene wawo. Loya mmodzi akhoza kukulemberani ngati nonse mwavomera, koma mukadzasemphana sangaimire aliyense wa inu. Choncho alamu atenge pepalalo, akalionetse kwa loya wina kwa theka la ola asanapereke K5,000,000.